Zoseweretsa za mwana wosafika zaka 3: chisekese cha botolo, mpira wa nsanza ndi katoni yoponyamo

Chisekese choyamba chimene ndinapangira mwana wanga sichinathe ndi sabata yomwe. Ndinatenga botolo la maheu, ndikuthiramo nyemba zodzaza dzanja, ndikutseka mwamphamvu mpaka chala kuwawa. Tsiku lachinayi ndikutsuka mbale kuseri, ndinamva kuti pakhonde pangoti zii. Nditasuzumira ndinapeza mwana ali phee pamkeka, chitsekerero chili m'kamwa, nyemba zili mbwee. Achemwali anga, amene anali kusankha usipa chapomwepo, anangoti, "Mayi ake, inu munatseka ndi dzanja, koma mnzanuyu amatsegula ndi mano."

Ambirife timalephera pamenepo. Timapanga choseweretsa poganizira maso ndi manja a mwana, pamene mwana wosafika zaka 3 chilichonse amayamba wachilawa. Galimoto ya mawaya ndi mpira wa majumbo umene anyamata amamenya pamchenga ku Makawa kuno ku Mangochi ndi zabwino, koma ndi za akuluakulu ake. Zitatu zili m'munsimu ndi za iye amene akuyamba kuyenda dededede, ndipo pa zonse zofunika, chogula ndi ulusi ndi sopo basi.

Zofunika kusonkhanitsa

- Botolo la pulasitiki loonekera mkati, la mamililita 300 mpaka 500, lomwe munali chakumwa
- Masokosi akale atatu a munthu wamkulu, osabooka
- Zidutswa za nsalu, za kwa telala kapena chitenje chakutha
- Katoni yolimba yomwe munali sopo kapena mabisiketi
- Zivindikiro zikuluzikulu 5 kapena 6, monga za mabotolo a chiponde ndi za majarini
- Mpunga, ngakhale wosweka, masupuni aakulu atatu
- Singano, ulusi wolimba, sizasi, mpeni, rula ya mwana wa sukulu
- Sopo, beseni, madzi a pamjigo kapena a pampopi, ndi Jiki ngati ilipo

Yambani ndi chiyeso cha bowo

Musanagwire botolo, dulani kachidutswa ka katoni kofanana ndi chikhatho, muboole pakati bowo lozungulira lotambalala masentimita 4.5. Chimenechi ndiye chiyeso chanu. Chinthu chilichonse chimene chikudutsa pabowolo chingathe kumutsamwitsa mwana, ndiye asachigwire chili pachokha. Opanga zidole m'mafakitale amayesa tizidutswa ndi kachubu kotambalala masentimita 3 ndi pang'ono, koma zinthu zobulungira ngati timipira amaziyesa ndi bowo lokulirapo. Ife tingotenga lalikululo kuti tisamavutike ndi ziyeso ziwiri.

Yesani chitsekerero cha botolo la chakumwa muone. Chimangodutsa osakhudza n'komwe m'mbali. N'chifukwa chake zitsekerero zimene ana a sukulu amawerengera masamu si za wamng'onoyu, ngakhale azilirira chotani.

Kusankha botolo ndi kulitsuka

Gawo limeneli ndi limene anthu amathamangira, koma ndi pomwe pagona nkhani. Kuno botolo silifa msanga. Lero muli chakumwa, mawa thobwa, mkuja wakabaza wagulirako petulo, kenako wina wasungiramo mankhwala opopera thonje kapena ophera makoswe. Pofika pamulu wa zinyalala kumsika, palibe angakuuzeni njira imene ladzera.

1. Tengani botolo lokhalo limene mukudziwa mbiri yake: mwamwa nokha chakumwacho, kapena wakupatsani ndi munthu amene mumamukhulupirira. Lotola panjira, m'ngalande kapena pagombe lisiyeni.

Chenjezo: botolo lomwe munalowapo petulo, parafini, mankhwala a mbewu kapena osungira chimanga silitsukika. Pulasitiki amamwerera zinthu zimenezi, ndipo sopo amangochotsa zapamwamba. Musati "nditsuka kawiri." Litayeni kumene mwana sangalipeze.

2. Tsegulani mununkhize. Likamveka fungo lililonse losakhala la chakumwa chake, latha ntchito. Lifinyeninso ndi dzanja. Botolo lomwe lakhalitsa padzuwa limachita mbuu ndipo limalira ngati likufuna kuthetheka. Loterolo limasweka n'kusiya m'mbali mwakuthwa.

3. Matulani pepala lapamwamba lonse, mudule ndi kuchotsa kamkombero ka pulasitiki kamene kamatsala pakhosi pa botolo mukatsegula koyamba. Kamkombero kameneka ana amakakonda kukasolola ndi mano.

4. Thiranimo madzi ofunda ndi sopo, mukhutchumule kwambiri. Ngati pansi pakakamira zotsalira za maheu, onjezani kamchenga koyera pang'ono n'kukhutchumulanso, kamapala bwino. Mazinga a pakamwa pa botolo ndi mkati mwa chitsekerero mutsuke ndi mswachi wakale.

Chenjezo: musathire madzi owira. Botolo la chakumwa likangolawa madzi otentha kwambiri limakwinyika, pakamwa pake n'kupindika, ndipo chitsekerero sichigwiranso. Madzi akhale oti dzanja lanu likupirira.

5. Ngati muli ndi Jiki, sungunulani supuni yaing'ono imodzi mu lita imodzi ya madzi, muviike botolo, chitsekerero ndi zivindikiro zija kwa mphindi 5, kenako mutsukuluze ndi madzi oyera. Jiki musamusakanize ndi mankhwala ena aliwonse otsukira. Ngati palibe, sopo ndi dzuwa zikwanira pa botolo lomwe mukulidziwa.

Madzi otsukulutsira akhale omwe mumamwa. Ndikudziwa kuti kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire n'chapafupi kungotsikira kudooko, koma amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 m'boma lino sangafune kuti chinthu chopita m'kamwa mwa mwana chimalizire m'madzi amenewo.

6. Zondotsani botolo pathandala, likhale tsiku lathunthu. Kuti mudziwe ngati laumadi, litsekeni, muliike padzuwa kwa mphindi 10. Mukaona nthunzi yachita mbuu mkati, chinyontho chikadalipo. Tsegulani muyanikenso.

Nsalu ndi masokosi zichapeni ndi sopo, makamaka za pakaunjika. Yanikani pachingwe, osati pamchenga kapena paudzu, chifukwa pansi m'pamene ntchentche ya mphutsi imaikira mazira ake. Zikauma zisiteni. Nsalu ya mtundu wowala muinyowetse n'kuitikita pa kansalu koyera. Ikasiya utoto, idzausiyanso pa lilime la mwana, ndiye ichotseni pagulu.

Chisekese cha botolo

1. Kazingani mpunga uja m'chiwaya chouma kwa mphindi zitatu kapena zinayi, osafika popserera, kenako uzizire. Kukazinga kumachotsa chinyontho ndi kupha tizilombo tobisala. Mpunga wosakazinga, ndi kutentha kwa Mangochi kuno, pakatha mwezi mudzapeza anankafumbwe akuyenda m'botolo.

N'chifukwa chiyani mpunga, pamene nyemba zimalira mokweza? Chifukwa tikuganizira tsiku limene botolo lidzatseguke. Njere ya mpunga ndi yaing'ono, mwana akaimeza kawirikawiri imangodutsa. Nyemba, nandolo, chimanga, mtedza ndi timiyala ndi zokwanira bwino kutseka njira ya mpweya, ndipo nyemba ikalowa m'mphuno imafufuma. Mbewu ya chimanga yogula m'paketi, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala. Nthanga za nsatsi ndi poizoni, chimodzimodzinso timbewu tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda timene ana amatola kutchire.

2. Pindani pepala ngati fanulo, muthire masupuni aakulu awiri kapena atatu. Musadzaze. Chisekese chimalira chifukwa cha malo otsala, ndipo chikalemera mwana amadzimenya nacho pamphumi.

3. Tsekani mpaka pothera mazinga. Ena amapaka supagulu pamazinga, ndipo sindiwaletsa, koma musamudalire. Pulasitiki wa zitsekerero ndi woterera, guluu ameneyu sagwirapo kwenikweni. Ine ndinapotokolapo chitsekerero chomatidwa motero ndi dzanja limodzi. Mukapaka, chikhale usiku wonse panja fungo lithe. Loko weniweni ndi sokosi imene ikubwerayi.

4. Kulungani kansalu kuzungulira khosi la botolo ndi chitsekerero, kangapo, mpaka mutuwo utakula moti sukulowa pabowo la chiyeso chanu. Sokani kansaluko kuti kasamasuke. Izi zimathandiza mwana akagwa chisekese chili kukamwa, kuti mutu wosongokawo usalowe kukhosi.

5. Lowetsani botolo m'sokosi, kuyamba ndi mutu, kuti chitsekerero chikafike kumene kumakhala zala za phazi. Apa m'pamene ambiri amatembenuza: amalowetsa matako a botolo poyamba, chitsekerero n'kukhala kukamwa kwa sokosi, pomwe pali msoko. Mwana akangomasula msokowo wachipeza.

6. Kokani sokosi ithine, mudule yotsala kusiya masentimita atatu, mupindire mkati ndi kusoka ndi ulusi wopinda pawiri. Sokani kupita ndi kubwerera. Mfundo yomaliza muilowetse mkati ndi singano, ulusi mudule pafupi penipeni.

7. Liyeseni ngati mdani. Liponyeni pasimenti katatu kuchokera m'chiuno, mulipotokole, mukoke msoko ndi mphamvu zanu zonse. Likapirira inu, lipirira mwana.

Wina adzafunsa za lambe, poti kuno malambe ali ponseponse ndipo louma bwino limalira lokha ukaligwedeza. Limatheka, koma palani ubweya wake wonse chifukwa umayabwa, ndipo mulione tsiku ndi tsiku. Likangochita mng'alu lichotseni, nthanga zake n'zolimba ndipo zimadutsa pabowo lija mosavuta.

Mpira wa nsanza

Uwu ndi umene umakhalitsa pa zonse, ndipo mwana amakula nawo: poyamba amangoufinya ndi kuuluma, kenako kuukunkhuniza, pofika zaka ziwiri akuuponya ndi kuuthamangira. Atelala a mumsika amakhala ndi thumba la zidutswa pansi pa makina, ndipo ambiri ukawapempha mwaulemu amangokupatsa. Pofika kunyumba khuthulirani zidutswazo pamkeka, muzipapase chimodzichimodzi. Ine ndinapezamo mapini awiri ndi singano yothyoka ya makina m'thumba limodzi lokha.

1. Dulani nsalu zochapa zija m'tizidutswa tosaposa chikhatho chanu. Musadule mizere italiitali ngati mukuluka chingwe. Mpira ukadzang'ambika, mzere wautali ungamukulunge mwana pakhosi.

2. Chotsani mabatani, zipi, mikanda ndi timawaya tonse.

3. Phatikirani tizidutswato kunsonga ya sokosi, pang'onopang'ono, mukukanikiza ndi chibakera ndi kuzunguliza m'manja ngati mukuumba mtanda wa mandasi. Lekani mpira ukakula kuposa lalanje lalikulu, masentimita 10 mpaka 12 kupingasa. Wocheperapo umasowa pansi pa bedi, wokulirapo timanja take sitiugwira.

Chenjezo: mkati musaikemo majumbo, siponji yofumbutuka ya matiresi, zidutswa za neti ya udzudzu kapena za ukonde. Jumbo ikatuluka imamata pamphuno ndi pakamwa. Siponji amabudula n'kumeza. Neti ili ndi mankhwala, ndipo ulusi wa ukonde umadula tizala.

4. Potokolani sokosi pamwamba penipeni pa mpirawo kawiri, musoke popotokapo kuti pasabwerere, kenako tembenuzani mwendo wa sokosi wotsalawo uvale mpira kachiwiri. Ngati sokosi ndi yaitali, potokolaninso ndi kuvekanso kachitatu.

5. Lowetsani mpira wonse m'sokosi ina, msoko woyamba uloze kunsonga. Dulani yotsala, pindirani mkati, musoke mothinana. Mukatha, yendetsani chala pamsoko. Chala chikapeza polowa, cha mwana chilowa kawiri.

6. Dulani ulusi uliwonse wolendewera. Ulusi umodzi wokha, ngakhale tsitsi la mesh lothothoka, ukazungulira chala cha mwana umathina mpaka chala kutupa, iye n'kumangolira inu osadziwa chavuta.

Mpira uwu umachapika, koma umachedwa kuuma mkati. Uchapeni m'mawa tsiku la dzuwa, muufinye kwambiri, muupachike masiku awiri. M'nyengo ya mvula ndi bwino kungosomola sokosi yakunja n'kuchapa yokhayo. Mukaununkhiza n'kumva fungo la chuku, musalimbane nawo, pangani wina.

Katoni yoponyamo

Iyi n'njosavuta, ndipo imamukhazika mwana pansi nthawi yokwanira kuti inu muthyakule nsima.

1. Zulani timawaya tonse tolumikizira katoni, mumatule selotepi yakale. Igwedezeni panja, muiyanike padzuwa; m'makona mumabisala mphemvu ndi mazira ake. Katoni yomwe munali mankhwala, mafuta a galimoto kapena nsomba ayi.

2. Yesani zivindikiro zonse pabowo la chiyeso. Chodutsa chichoke. Chotsani kapepala kapena kapulasitiki kamene kamakhala mkati mwa chivindikiro, muyendetse chala m'mbali kufufuza pakuthwa. Zivindikiro za zitini zotsegula ndi mpeni musaziyerekeze n'komwe.

3. Pamwamba pa katoni dulani kampata kotalika pang'ono kuposa chivindikiro chachikulu, kotambalala ngati zala ziwiri. Kwa mwana wa chaka chimodzi yambani ndi bowo lalikulu lozungulira; kampata kopapatiza n'ka amene wafika chaka ndi theka, amene wayamba kutembenuza dzanja kuti chinthu chilowe.

4. M'mbali chapansi dulani khomo lolowa dzanja lanu. Popanda khomoli, chivindikiro chomaliza chikangolowa masewera atha, kulira kwayamba.

5. Musonyezeni kamodzi kapena kawiri, mukunena mawu: "ponya," "chalowa," "chili kuti?", "ichi!" Kwa amene pakhomo amayankhula Chiyao, nenani m'Chiyao momwemo. Kenako msiyeni alimbane nazo, ngakhale akulowetsa chopingasa. Anganga ake a mwana wanga ankalephera kupirira, amvekere, "Mwanawe, tembenuza chonchi," n'kumulanda kuti amuponyere. Mwana ankangotaya chidwi n'kukwawira kwina.

Katoni ikanyowa ndi dovu imafewa, ndipo mwana amayamba kuibudula. Ikafika pamenepo sinthani. Usiku muziika pamwamba, chiswe chisaipeze.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Chofala kwambiri ndi kukongoletsa. Mayi wasoka mpira bwinobwino, kenako akuti ukhale ndi nkhope, n'kusokerapo mabatani awiri ngati maso. Mabataniwo ndi amene mwana ayambe kulimbana nawo. Ngati mukufuna maso, asokeni ndi ulusi wakuda wokhawokha. Penti wotsala wa nyumba kapena wa boti asayandikire. Penti wina amakhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana, ndipo ndi maso simungausiyanitse.

Chachiwiri ndi chingwe. Anthu amakonda kumangirira chisekese pakhosi kapena pamkono wa mwana kuti chisatayike, kapena kuchipachika pamene amagona. Chingwe chilichonse chotalika kuposa masentimita 20 chingazungulire khosi. Mukamangira katoni chingwe kuti azikoka ngati galimoto, azikoka inu muli pomwepo, akatha mumasule.

Kenako pali akulu ake. Mwana wa zaka 7 amamukonda mng'ono wake, ndipo amamugawira chuma chake chonse: zitsekerero, mabulo, maginito a mu wailesi yakufa, baluni yophulika, timabatire tobulungira ta m'wotchi ndi m'titochi. Kabatire kotere kakamezedwa kamatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha, ndipo mwana poyamba amaoneka ngati ali bwino. Mukangokayikira kuti wameza batire kapena maginito, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musamusanzitse. Kanthu kakalowa m'mphuno kapena m'khutu musakatokose ndi kamtengo ka machesi, mumangokakankhira mkati, akachotse achipatala.

Ena amapanga kamodzi n'kuiwala. Choseweretsa chomwe chinali chabwino mwezi watha chakhala chikulumidwa, kukokedwa pamchenga ndi kusiyidwa padzuwa la Okutobala. Sankhani tsiku limodzi pasabata, kaya tsiku lochapa, muzikoka misoko yonse, kufinya botolo kumva ngati lathetheka, ndi kuligwedeza pafupi ndi khutu. Mpunga ukasiya kulira kuti waa n'kumamveka ngati wagwirana, mwalowa chinyontho: somolani sokosi, mutaye mpungawo, muyambirenso pa kutsuka.

Chomaliza ndi kubwerekana pamene mwana wina akutsegula m'mimba, ali ndi chimfine kapena zilonda za m'kamwa. Pakhomo pa ana ambiri, kapena kusukulu ya mkaka kumene chisekese chimodzi chimazungulira m'kamwa khumi, sokani masokosi a mitundu yosiyana kuti aliyense adziwike chake. Cha wodwalayo chichapidwe pachokha, ndipo chisabwerere pamkeka chisanaume.